Magazi Akamachepa Koma Vuto Lili mu Impso

Mvula ikakhazikika mu Disembala, minda ya tiyi ya ku Thyolo simapumitsa munthu. Kuyambira ku Satemwa ndi ku Naming'omba mpaka ku Conforzi ndi ku Makwasa, nsonga zatsopano zimaphuka usiku ndi usana, ndipo wotchola tiyi amakhala chiimire kuyambira m'mamawa, dengu lili kumsana, kukwera ndi kutsika zitunda. Ntchitoyi malipiro ake amatsatira sikelo. Choncho munthu amene mphamvu zayamba kumuthera amazindikira msanga, dokotala asanamuuze: makilo ake akutsika, akafika pakati pa chitunda mtima ukugunda ngati uchoka, m'maso mukuchita chidima akaweramuka.

Kuchipatala amamutsegula chikope n'kuona kuti m'kati mwayera, zikhatho zayera. Amamubaya chala, namuuza kuti magazi achepa. Amalandira mapilitsi a ayironi, mwina ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo ngati wapezeka ndi malungo amalandira LA. Kunyumba achibale amawiritsa masamba a mapeyala, ena amafunafuna chidede. Kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepo, chifukwa kuno kwathu zimene zimachepetsa magazi kawirikawiri ndi zomwezo: malungo, njoka za m'mimba, likodzo, chakudya choperewera, uchembere ndi msambo wochuluka.

Koma alipo ena amene amamwa ayironi miyezi itatu osasintha. Amawonjezeredwa magazi, n'kupeza bwino milungu ingapo, kenaka n'kubwerera pomwe anali. Pakati pa anthu amenewa pali gulu limene vuto lawo silili m'magazi ayi, lili mu impso. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a iwo amadutsa m'manja mwa achipatala kangapo popanda wina kuganiza zoyeza impsozo.

Impso ndi magazi zikukhudzana pati?

Tonse tinaphunzira kuti impso zimasefa zoipa m'magazi n'kupanga mkodzo. Ntchito ina imene sitchulidwa kawirikawiri ndi yakuti impso ndi zimene zimalamula kuchuluka kwa maselo ofiira amene thupi lipange.

Maselo ofiira amapangidwa m'mongo, m'kati mwa mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti ndi fupa la pachifuwa. M'selo iliyonse muli hemogulobini, chinthu chofiira chokhala ndi ayironi chimene chimatenga mpweya wa okosijeni m'mapapo n'kukausiya ku minofu, ku ubongo ndi ku mtima. Selo yofiira imakhala masiku pafupifupi 120, kenaka imakalamba n'kuphwanyidwa m'kapamba ndi m'chiwindi. Kuti malo a zakufazo atsekedwe, mongo wa munthu wamkulu umatulutsa maselo atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Koma mongo sudziwa wokha ngati maselo akukwana kapena ayi. Umadikira kuuzidwa. Tiyerekeze ndi fakitale ya tiyi: makina alipo, tsamba lafika, antchito ali pakhomo, koma ngati kapitawo sanaitane anthu, palibe chimene chiyambe. Mongo ndiye fakitaleyo, ayironi ndiye tsamba, ndipo kapitawo ndi homoni yotchedwa eritiropoyetini, imene achipatala amaifupikitsa kuti EPO. Mwa munthu wamkulu, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a homoniyi amachokera mu impso, yotsalayo m'chiwindi. Mwana akadali m'mimba, chiwindi ndicho chimagwira ntchitoyi, impso zimadzalandira pambuyo pake.

Pali chifukwa chake ntchitoyi ili mu impso. Ngakhale ndi zazing'ono, zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima ukupopa, choncho zili pamalo abwino oyezerapo kuti magaziwo anyamula okosijeni wochuluka bwanji. Pakati pa timachubu ta mu impso pali maselo apadera amene amachita zimenezi. M'maselowo mumapangidwa puloteni yotchedwa HIF nthawi zonse, ndipo okosijeni akakhala wokwanira, puloteniyo imawonongedwa isanachite kanthu. Okosijeni akachepa, kuwonongedwako kumaima, HIF imachuluka n'kuyatsa jini ya EPO. Amene anatulukira zimenezi, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

EPO ikafika m'mongo imapeza maselo aang'ono amene ali pa njira yodzakhala maselo ofiira. Ambiri mwa amenewa, akapanda kulandira uthengawo, amangodzifera asanakhwime. EPO imawapulumutsa ku imfayo, amagawikana, amadzaza hemogulobini, ndipo pakatha pafupifupi sabata amalowa m'magazi ngati maselo anthete otchedwa maretikyulosaiti. Munthu wa impso zabwino akataya magazi ambiri, EPO yake imatha kukwera kuwirikiza ka 100 kapena kuposa apo. Ngakhale mnyamata wochoka ku Luchenza kukakwera Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002 pamene mpweya ndi wopepuka, impso zake zimawonjezera EPO tsiku lomwelo popanda iye kudziwa.

Tsono matenda a impso okhalitsa amawononga malo enieni amene maselo opanga EPO amakhala. Impso ikamavulazidwa chaka ndi chaka ndi kuthamanga kwa magazi kapena shuga, maselo aja amasandulika n'kuyamba kupanga zipsera, nasiya ntchito yawo yakale. Magazi akutsika, thupi likusowa okosijeni, koma uthenga wopita ku mongo ukufika wofooka. N'chifukwa chake kuyeza EPO m'magazi sikuthandiza kwenikweni. Zotsatira zimatha kuoneka ngati za munthu wabwinobwino, pamene kwa munthu wochepa magazi chotero zimayenera kukhala zitakwera kwambiri.

Pali zina ziwiri zimene zimawonjezera vutoli. Zoipa zimene impso zalephera kusefa zimafupikitsa moyo wa selo yofiira, m'malo mwa masiku 120 imatha kukhala masiku 60 mpaka 90 okha. Chinacho ndi nkhani ya ayironi, ndipo imeneyi ndi imene imasokoneza anthu kwambiri.

Chifukwa chake mapilitsi sakugwira

Chiwindi chimapanga homoni ina yotchedwa hepusidini. Ntchito yake ndi kutseka zitseko zimene ayironi amadutsa pochoka m'matumbo kulowa m'magazi, ndiponso pochoka m'malo amene thupi limamusunga. Thupi limachita zimenezi pakakhala matenda, chifukwa tizilombo natonso timafuna ayironi. Hepusidini imatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka imaunjikana, ndipo ngati munthuyo alinso ndi TB, HIV, malungo obwerezabwereza kapena chilonda chosapola, imakwera kwambiri. Zotsatira zake, munthu amameza piritsi la ayironi mokhulupirika, chimbudzi n'kuda monga amauzira anamwino, koma wolowa m'magazi ndi wochepa zedi. Ngakhale amene ali kale m'thupi amakhala wotsekeredwa, mongo osamupeza.

Apa tiyi amene amadyetsa Thyolo amalowamo. Mu 1975 ofufuza a ku Johannesburg, Peter Disler ndi anzake, anaonetsa kuti kumwa tiyi pamodzi ndi chakudya kapena ndi mankhwala a ayironi kumachepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi kuposa theka. Zinthu zimene zimapatsa tiyi kakomedwe kake kothetha lilime zimamata ayironi m'matumbo. Izi zimakhudza makamaka ayironi wa m'nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi wa m'mapilitsi; wa m'nyama ndi nsomba sakhudzidwa kwambiri. Tiyi sawononga impso, ndipo palibe chifukwa chomusiyira. Koma m'dera limene kapu ya tiyi ndiyo kadzutsa, ndiyo ya pa 10 koloko, ndiyonso yomezera mankhwala, uphungu wakuti piritsi la ayironi limwedwe ndi madzi, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri, uyenera kunenedwa pawindo lililonse lolandirira mankhwala. Sufuna ndalama ina iliyonse.

Chitsanzo chimodzi, kuchokera poyamba

Tiyerekeze mayi wa zaka 48, wolemera makilogalamu 60, amene watchola tiyi kwa zaka zambiri. Anamupeza ndi BP kalekale, koma mankhwala amamwa mutu ukamawawa basi. Msana ndi mawondo zikavuta amagula burufeni kapena indosidi pa okala, ndipo nyengo yotchola amamwa pafupifupi tsiku lililonse. Tsopano akutopa, akupuma movutika pokwera chitunda, akudzuka katatu usiku kukataya madzi, ndipo m'mawa nkhope imakhala yotupa pang'ono. Wamwa ayironi miyezi itatu.

Hemogulobini yake, imene papepala amalemba Hb, yapezeka 8.0. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati mayi wosayembekezera magazi achepa Hb ikatsika pansi pa 12, bambo pansi pa 13. Nambala imeneyi yokha sinena chifukwa. Dokotala wosamala amapempha kuyeza magazi onse pa makina, n'kuyang'ana mzere wolembedwa MCV, umene umasonyeza kukula kwa maselo ofiira. Munthu wosowa ayironi maselo ake amakhala aang'ono, MCV imatsika pansi pa 80. Wosowa vitamini B12 kapena foliki asidi maselo amakhala aakulu, kuposa 100. Ya mayiyu ndi 88. Maselo ake ndi a msinkhu woyenera ndi mtundu woyenera, kungoti ndi ochepa. Maretikyulosaiti nawonso ndi ochepa, kusonyeza kuti mongo sukuyesa n'komwe kubweza zimene zatayika. Maselo oyera ndi othandiza magazi kuundana ali bwino, choncho mongowo si wodwala.

Apa m'pamene maganizo ayenera kutembenukira ku impso. BP yake ndi 170/100. Kapepala koviika mu mkodzo kakusonyeza puloteni yambiri, chizindikiro chakuti sefa ya impso yabooka. Kiriyatinini, chotsalira cha m'minofu chimene impso zabwino zimachotsa, wafika pa 300, pamene mwa mayi wa thupi ngati lake sayenera kupitirira 90. Akawerengera pamodzi ndi zaka zake, nambala yotchedwa eGFR ikutuluka pafupifupi 16. Impso za wachinyamata wathanzi zimakhala pa 90 kapena kuposa. Kuyambira 15 mpaka 29 ndi gawo lachinayi mwa magawo asanu a matenda a impso okhalitsa. Akabwereza kuyeza patatha miyezi itatu n'kupeza chimodzimodzi, kapena akaunika ndi sikani n'kuona impso zafota, ndiye kuti si vuto la dzulo.

Kuchepa kwa magazi kumayenda ndi nambala imeneyi. eGFR ikakhala pamwamba pa 60, n'kovuta kunena kuti impso ndizo zachepetsa magazi, ndipo dokotala ayenera kufufuza kwina. Ikatsika pansi pa 30 vutoli limayamba kuchuluka, ndipo pansi pa 15 pafupifupi aliyense amakhala nalo. Pali chenjezo limodzi lotikhudza ife. Kafukufuku amene anachitika ku Malawi, Uganda ndi South Africa, wosindikizidwa mu 2022 m'magazini ya Lancet Global Health, anapeza kuti masamu owerengera eGFR kuchokera ku kiriyatinini, amene anapangidwira anthu a ku Ulaya ndi ku America, amakonda kukometsa impso za anthu a kuno. Munthu wowonda, wa minofu yochepa, amapanga kiriyatinini wochepa, ndiye nambala imaoneka yabwino kuposa mmene zinthu zilili. Choncho zotsatira za m'malire mwa munthu wowonda wochepa magazi si zozinyalanyaza.

Kupezeka kwa vuto la impso sikutseka mafunso ena. Mayiyu ayenerabe kuyezedwa malungo, chimbudzi, mkodzo ngati muli likodzo, ndi HIV, ndiponso afunsidwe za msambo ndi za chimbudzi chakuda chimene chinayamba asanamwe ayironi, chifukwa burufeni ndi indosidi zimatha kuchititsa zilonda za m'mimba zotaya magazi pang'onopang'ono. Thyolo ndi boma limene ma ARV anafika msanga, mu 2003, mothandizidwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières limene linayamba kugwira ntchito kumeneko mu 1997. Ambiri amene anayamba nthawi imeneyo ali moyo, ndipo akukalamba ndi BP ndi shuga monga wina aliyense. Kwa iwo pali zofunika kudziwa: kachilombo ka HIV pakokha kamatha kuwononga impso, mankhwala a tenofovira amene ali m'piritsi limene ambiri akumwa masiku ano amafuna impso zogwira bwino, ndipo zidovudini amatha kupondereza mongo. Izi si zifukwa zosiyira mankhwala. Ndi zifukwa zoti a ku kiliniki ya ma ARV ayeze kiriyatinini wa munthu amene magazi ake akuchepa, chifukwa alipo mankhwala ena amene angamusinthire.

Chithandizo chimayamba ndi tsamba, osati kapitawo

Choyamba kwa mayi wathu ndi kuimitsa zimene zikupitiriza kuwononga impso. Burufeni, indosidi ndi dayikulofenaki zisiyidwe, ululu uthetsedwe ndi panado. BP itsike ndi mankhwala omwa tsiku lililonse, mchere uchepe. Mankhwala azitsamba osadziwika mlingo aleke, chifukwa impso yofooka silekerera zimene yamphamvu ikanapirira. Ndipo poti Thyolo ndi kwawo kwa nthochi ndi mapeyala, afunse achipatala za kuchuluka kwa zimene angadye, popeza zipatso zimenezi zili ndi potaziyamu wambiri, amene impso zofooka zimalephera kutulutsa ndipo akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Chachiwiri ndi ayironi. Kumene kuli labotale yokwanira amayeza zinthu ziwiri: feritini, imene imasonyeza ayironi wosungidwa, ndi TSAT, imene imasonyeza ayironi amene ali pa ulendo wopita ku mongo. Malangizo a bungwe la akatswiri a impso la KDIGO a mu 2012 ankati ayironi ayesedwe ngati TSAT ili pa 30 peresenti kapena pansi ndipo feritini ili pa 500 kapena pansi. Tinene kuti mayiyu feritini yake ndi 80 ndipo TSAT ndi 15. Akusowadi ayironi ngakhale wamwa mapilitsi miyezi itatu, ndipo hepusidini ija ndi imene yatseka njira. Feritini payokha imanyenga, chifukwa imakwera munthu akakhala ndi matenda ena aliwonse otupitsa m'thupi, n'kuoneka ngati ayironi alipo wambiri.

Mapilitsi akalephera chonchi, njira yodutsa matumbo ndi kupereka ayironi mu mtsempha. Mtundu wodziwika, ayironi sukurosi, amaperekedwa mamiligalamu 200 ulendo umodzi, maulendo asanu, kukwana 1,000. Amaperekedwa kuchipatala, namwino ali pafupi, chifukwa anthu ena ochepa thupi lawo limadana nawo, ndipo saperekedwa munthu ali ndi malungo kapena matenda ena otentha thupi. Ayironi yekha amatha kukweza Hb pang'ono, tinene kuchoka pa 8.0 kufika pa 8.8 patatha mwezi ndi theka. Tsamba lafika tsopano. Chatsala ndi woitana antchito.

EPO ya m'botolo ili ndi mbiri yaitali. Dokotala wa ku London, Richard Bright, analemba kale mu 1836 kuti odwala impso nkhope zawo zimafwifwa. Mu 1957 Leon Jacobson ndi Eugene Goldwasser a ku Chicago anaonetsa pa makoswe kuti homoni yokweza magazi imachokera mu impso. Kuipeza yokhayokha kunatenga zaka zina 20: mu 1977 Goldwasser ndi Takaji Miyake anaitulutsa mu mkodzo wokwana malita 2,550 wa odwala a ku Japan, n'kupeza timamiligalamu tochepa chabe. Timeneto tinathandiza Fu-Kuen Lin wa kampani ya Amgen kupeza jini yake, ndipo mu 1989 jakisoni wa epoyetini analoledwa ku America. Isanafike nthawi imeneyo, odwala ambiri a pa makina osefa magazi a dayalisisi ankadalira kuwonjezeredwa magazi pafupipafupi.

Kwa munthu amene sanayambe dayalisisi, jakisoniyu amaganiziridwa Hb ikatsika pansi pa 10, ayironi atakonzedwa kale. Mlingo woyambira ndi mayuniti 20 mpaka 50 pa kilogalamu iliyonse, katatu pa sabata. Kwa mayi wa makilogalamu 60, mayuniti 2,000 katatu pa sabata ali m'kati mwa mlingo umenewu. Amabayidwa pansi pa khungu, pamimba kapena pantchafu. Palibe chimene chimaoneka tsiku lomwelo. Maretikyulosaiti amayamba kukwera patatha sabata kapena masiku 10, ndipo Hb imatsatira patatha milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi. Chofunika ndi kukwera kwa 1 mpaka 2 pa mwezi. Ikakwera mofulumira kuposa pamenepo, mlingo umachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mayi wathu akafika pa 9.9 patatha mwezi ndi 10.8 mwezi wachiwiri, ndiye kuti zayenda bwino, ndipo apa dokotala amayamba kuchepetsa, osati kuwonjezera.

Izi zimadabwitsa odwala ndi achibale. Ngati magazi a mayi wathanzi ndi 12 kapena 13, n'chifukwa chiyani tikuima pa 11? Madokotala nawonso ankaganiza chimodzimodzi, mpaka pamene anayesa. Kafukufuku wa mu 1998 pa odwala a pa dayalisisi okhala ndi vuto la mtima anaimitsidwa asanathe chifukwa amene magazi awo amakwezedwa kufika pa mlingo wa munthu wathanzi amafa mochulukirapo. Enanso awiri a mu 2006 sanapeze phindu pa mtima, mmodzi mwa iwo anapeza kuipa. Ndipo mu 2009, kafukufuku wotchedwa TREAT, wa odwala shuga ndi impso oposa 4,000, anapeza kuti sitiroko inagwira pafupifupi anthu 5 pa 100 alionse mwa olandira jakisoni, poyerekeza ndi osakwana 3 pa 100 mwa osalandira. N'chifukwa chake malangizo amati Hb isapitirire 11.5 mwa odwala ambiri, ndipo isakwezedwe dala kuposa 13. EPO imakwezanso BP, choncho sayamba nayo munthu amene BP yake ikadali pa 170/100 monga mayi uja tsiku loyamba. Kwa amene anadwalapo sitiroko kapena ali ndi khansa, dokotala amalingalira kawiri.

Nanga jakisoni akapanda kugwira? Chifukwa chofala kwambiri ndi ayironi yemweyo, popeza mongo ukadzuka umamutha msanga. Chachiwiri ndi matenda obisika: TB, chilonda cha phazi cha wodwala shuga, malungo. Chachitatu ndi kutaya magazi kosaoneka. Ndipo chachinayi, chimene kuno n'chosavuta kuchitika, ndi mankhwalawo kuwonongeka. Epoyetini ndi puloteni imene iyenera kusungidwa mu filiji pa madigiri 2 mpaka 8, osaumitsidwa, osakhutchumulidwa. Botolo limene layenda tsiku lonse m'thumba m'minibasi kuchokera ku Limbe, n'kukagona pawindo m'nyumba yopanda magetsi, si lodalirikanso. Kuwonjezera mlingo musanafufuze zinthu zimenezi n'kutaya ndalama, ndiponso n'kuika wodwala pa ngozi, chifukwa mlingo waukulu ndi umene umayenda ndi sitiroko.

Zimene zingatheke ku Thyolo

Tinene zoona zake. EPO ndi ayironi wa mu mtsempha si mankhwala a pa shelefu ya chipatala chaching'ono cha pa esiteti kapena cha kumudzi. Ndi odula, ndipo amayenda ndi madokotala a impso, kumene kuli makina a dayalisisi. Kwa munthu wa ku Thyolo, kumeneko ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa boma, ndipo kwa wa ku Thekerani ulendo wongofika pa bomapo ndi nkhani kale. Wogwira ntchito ya nyengo akasowa tsiku limodzi wataya malipiro a tsikulo ndi ndalama ya galimoto pamwamba.

Chimene chimapezeka pafupi ndi kuwonjezera magazi, ndipo kumapulumutsa moyo Hb ikatsika kufika cha m'ma 7 kapena pansi, kapena mtima ukayamba kulephera. Koma thumba limodzi limakweza Hb ndi pafupifupi 1 yokha, ndipo maselo olandirawo nawonso amakalamba n'kufa pamene mongo ukadali chete. Ndicho chifukwa chake wodwala amabwerera patatha milungu ingapo. Kwa wodwala impso palinso ngozi zake: madzi amatha kudzaza m'mapapo, choncho magazi amaperekedwa pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi mankhwala okodzetsa, ndipo thumba lililonse limaphunzitsa thupi kukana za munthu wina, zimene zimadzavuta ngati mwayi woikidwa impso ina utadzapezeka. Magaziwonso ndi omwe aja a Malawi Blood Transfusion Service amene mwana wa malungo ndi mayi wotaya magazi pochira akuwadikira, makamaka nyengo ya mvula.

Kusiya magazi ali otsika chaka ndi chaka nako kuli ndi mtengo wake. Mtima umapopa mwamphamvu ndi mofulumira kuti okosijeni wochepayo azungulire, khoma lake limakhuthala, kenaka umatopa. Odwala impso ambiri amamwalira ndi mtima asanafike n'komwe pofunika dayalisisi.

Mayiko ena ayamba kugwiritsa ntchito mapilitsi amene amaletsa HIF ija kuwonongedwa, kotero kuti maselo otsala mu impso ndi m'chiwindi amapanga EPO yawoyawo. Rokisadusitati analoledwa ku China mu 2018, ndipo dapurodusitati ku America mu 2023. Safuna filiji kapena singano, zimene zikanatikomera kuno, koma ngozi ya magazi kuundana m'mitsempha ilipobe, ndipo amafunabe kuyeza Hb pafupipafupi.

Mmene ndikuonera, chimene Thyolo angachite lero chili pa chiyambi cha nkhani, pa ulendo wachiwiri umene wodwala wabwera ndi zikhatho zoyera. Makina oyezera BP ali pafupifupi paliponse. Kapepala koviika mu mkodzo n'kotsika mtengo ndipo kamayankha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Kiriyatinini ndi MCV ndi zoyeza za labotale ya chipatala chachikulu, monga cha boma pa Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa, ndipo magazi angatumizidwe kumeneko popanda wodwala kupita ku Blantyre. Maesiteti amene ali ndi zipatala zawo ali ndi mwayi umene zipatala zina zilibe, chifukwa amaona anthu omwewo chaka ndi chaka, ndipo kuyeza BP ndi mkodzo polemba anthu ntchito nyengo ikamayamba kungagwire ambiri impso zisanafote, malinga zotsatirazo zikhale zothandizira munthu kulandira mankhwala, osati zomuchotsera ntchito.

Wodwalanso ali ndi gawo lake. Amene wamwa ayironi miyezi itatu osasintha, kapena wawonjezeredwa magazi kawiri popanda chifukwa chodziwika, makamaka ngati ali ndi BP, shuga kapena akumwa ma ARV, atenge buku lake la kuchipatala, aonetse masiku ndi manambala a Hb amene analembedwamo, atchule mankhwala onse a ululu ndi azitsamba amene wakhala akumwa, ndipo afunse mosaopa kuti: "Adokotala, kodi impso zanga munaziyeza?" Ngati kiriyatinini wapezeka wokwera, apemphe kuti nambalayo ilembedwe m'bukumo pamodzi ndi tsiku, chifukwa ndi poyerekeza nambala ya lero ndi ya patatha miyezi itatu pamene adzadziwe ngati ayenera kutumizidwa ku kiliniki ya impso ku Gulupu.